Unkhoswe sutha pa tsiku la ukwati: kalata yochokera ku Muloza

Kwa anduna oona za ubale wa dziko lathu ndi mayiko ena, akuluakulu a asilikali, ndi aphungu amene amakambirana zotumiza ana athu kukasungitsa mtendere kunja,

Olemekezeka, ndikulemba ndili ku Muloza kuno ku Mulanje, kumene munthu ukaima pamlatho umaona phiri la Tumbine ndi nyumba za ku Milange, tsidya lija ku Mozambiki. Ndine mphunzitsi wopuma. Ndili mnyamata, mu 1986, ndinaona anthu a tsidya lija akuwoloka ndi mitolo pamutu zigawenga za Renamo zitalanda tauni ya Milange, ndipo ena mwa ana amene ndinayamba nawo ntchito ya uphunzitsi anali ana a othawa nkhondo amenewa. Dziko lathu linasunga anthu a ku Mozambiki oposa miliyoni imodzi. Choncho ndikamva pawailesi kuti akuluakulu asainirana pangano la mtendere kwinakwake, sindiwomba m'manja msanga. Ndimafunsa kaye kuti choyamba n'chiyani, chotsatira n'chiyani, nanga wina akaphwanya pangano, adzapite kukagogoda pakhomo pake ndani.

Kuno kwathu funso lomalizali timalidziwa bwino. Banja silimangidwa popanda ankhoswe, ndipo nkhoswe si munthu wongodya nawo nkhuku pa tsiku la chinkhoswe. Ndi amene amadzutsidwa usiku mkamwini akamenya mkazi. Dziko la Malawi lakhalapo nkhoswe pa mapangano a mtendere, ndipo lidzakhalanso, chifukwa ndife membala wa SADC. Pempho langa ndi loti tisamavomere unkhoswe tisanawerenge ndondomeko ya zimene zidzachitike, tsiku ndi tsiku. Ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake pogwiritsa ntchito nkhani ya anansi athuwa, imene mbali ina ndinaiona ndi maso.

Ambiri aiwala kuti msonkhano woyamba wa boma la Frelimo ndi Renamo unayenera kuchitikira ku Blantyre mu Juni 1990, koma unalephereka mbali ziwirizi zisanakhale n'komwe pansi. Mwezi wotsatira anakakumana ku Roma, kwa gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Amkhalapakati anali anayi: Andrea Riccardi, bambo Matteo Zuppi, Mario Raffaelli woimira boma la Italiya, ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Nthumwi za boma zinkatsogoleredwa ndi Armando Guebuza, za Renamo ndi Raul Domingos. Anakambirana zaka ziwiri ndi miyezi itatu, ndipo nthawi yonseyo nkhondo inali mkati.

Ife amene tinkaona anthu akubwerabe ndi zilonda tinkakwiya nazo. Bwanji osayamba mwaleka kuwomberana, zinazo muzikambirana pambuyo? Boma nalo linkafuna chomwecho. Ndinadzamvetsa mochedwa chifukwa chimene Renamo inkakanira. Gulu la zigawenga lilibe nduna, lilibe ndalama za msonkho, lilibe mpando ku msonkhano wa mayiko. Chimene lili nacho pa msika wa zokambirana ndi mfuti basi. Likatsitsa mfutiyo lisanalandire kanthu, lagulitsa mbuzi yake yokhayo pa ngongole. N'chifukwa chake ku Roma anayamba ndi nkhani za ndale. Mu Okutobala 1991 anagwirizana mfundo zoyambira: Renamo inavomera kuti sidzalimbananso ndi malamulo ndi nthambi za boma kudzera m'nkhondo, boma nalo linavomera kuti silikhazikitsa malamulo otsutsana ndi zimene zikukambidwazo. Kenako anakambirana za kulembetsa zipani, kenako za chisankho. Nkhani ya asilikali, ya ankhoswe ndi ya kuleka kuwomberana zinabwera kumapeto, ndipo pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina zonse pa 4 Okutobala 1992.

Sindikunena kuti nthawi zonse kuleka kuwomberana kuzikhala komaliza. Mtengo wake unali miyoyo ya anthu, ndipo chilala cha 1992 n'chimene chinathandiza kufooketsa mbali zonse ziwiri. Chimene ndikunena n'chakuti wokakamiza kuti mfuti zikhale chete lero, nkhani ya mipando idzaoneka mawa, adziwe kuti akupempha mbali imodzi yokha kuti ipereke chuma chake. Pamafunika kena kake koikirako kumbali inayo.

Komabe anayesapo kakang'ono pakati pa ulendo. Mu Disembala 1990 anagwirizana kuti asilikali a Zimbabwe, amene ankathandiza boma, azingokhala m'mbali mwa njanji za ku Beira ndi ku Limpopo, ndipo Renamo isaukire njira ziwirizo. Anakhazikitsa komiti ya mayiko angapo yoti izilandira madandaulo. Madandaulo anabweradi ambiri ndipo panganolo linaphwanyidwa kangapo. Koma linawaphunzitsa chinthu chimodzi chimene sakanachiphunzira m'chipinda: kuti munthu ukhoza kukasuma kwa mboni m'malo mobwezera ndi chipolopolo.

Tsopano tifike pamene ndikufuna mukhalitsepo. Panganolo linati kuwomberana kuleke pa 15 Okutobala 1992, asilikali a mbali zonse alowe m'misasa, atule zida, ndipo zonsezi zithe m'miyezi isanu ndi umodzi, chisankho chichitike pomatha chaka. Papepala zinali zokongola. Koma pa tsikulo nthumwi ya bungwe la United Nations, Aldo Ajello, inafika ku Maputo ndi asilikali oyang'anira 21 okha, m'dziko lalikulu kuposa Malawi pafupifupi kasanu ndi kawiri. Pasanathe sabata ziwiri Renamo inalanda matauni anayi: Angoche, Memba, Maganja da Costa ndi Lugela. Lugela ili m'chigawo cha Zambezia, kuseri kwa Milange komweku, ndipo mbiri yake itafika kuno anthu amene anali atayamba kumanga katundu anamasulanso mitolo.

Izi sizinali zodabwitsa kwa odziwa za nkhondo. Tsiku loleka kuwomberana likalengezedwa, aliyense amathamangira kulanda malo kuti mboni zikamafika zimupeze atakhala pabwino. Masiku apakati pa kusaina ndi kufika kwa oyang'anira ndi amene ali oopsa kuposa onse. Ndiye mukamawerenga pangano, yang'anani masiku awiriwa. Ngati pakati pawo pali miyezi, funsani kuti m'miyezi imeneyo adzaletse ndani.

Bungwe la United Nations linavomereza gulu lake losungitsa mtendere, lotchedwa ONUMOZ, mu Disembala 1992, koma asilikali ake oposa 6,000 anafika pang'onopang'ono m'kati mwa 1993. Dhlakama anakana kulowetsa anyamata ake m'misasa asilikali amenewa asanachuluke. Mungamunene kuti ankazengereza, ndipo n'zoona ankazengereza, koma taganizirani za msilikali wamba. M'tchire mdani sadziwa pamene wagona. Mumsasa dzina lake lalembedwa, malo ake akudziwika, mfuti yake yatsekeredwa. Ngati mbali inayo ili ndi chinyengo, amene walowa mumsasa ndiye woyamba kufa. Palibe amene amalowa m'khola yekha fisi ali panja, pokhapokha pakhomo pakhale mlonda amene onse akumukhulupirira. Asilikali akunja a mbali imodzi anayeneranso kuchoka kaye: a Zimbabwe, ndi athu a Malawi amene ankalondera njanji ya ku Nacala, anachoka mu 1993.

Misasa inali 49, ya boma 29 ndi ya Renamo 20, ndipo inayamba kulandira asilikali kumapeto kwa Novembala 1993. Apa chaka chinali chitatha, tsiku la chisankho lija litadutsa kale. Chimene chinapulumutsa Mozambiki n'chakuti anthu analolera kusuntha chisankho m'malo mosuntha ndondomeko. Phunzirolo analitenga ku Angola. Kumeneko pangano la Bicesse linasainidwa mu Meyi 1991, chisankho chinachitika mu Sepitembala 1992 mbali zonse zikadali ndi magulu awo a nkhondo, oyang'anira anali mazana ochepa opanda zida, ndipo mtsogoleri wa zigawenga Jonas Savimbi atagonja anangobwerera kutchire. Nkhondo imene inatsatira inapha anthu ambiri kuposa kale. Zimenezi zinkachitika masabata omwewo amene ku Roma ankasaina. Ajello anaumirira kuti palibe kuvota asilikali asanabalalike, ndipo chisankho chinachitika mu Okutobala 1994, chitachedwa ndi chaka chathunthu.

M'misasamo simunali mwabwino ayi. Anyamata amene anauzidwa kuti akhala masabata ochepa anakhalamo miyezi, chakudya chikuchedwa, malipiro a boma osaoneka. Pakati pa 1994 anayamba kutseka misewu ndi kugwira anthu ukapolo, a boma ndi a Renamo omwe. Chodabwitsa n'chakuti sankafuna kubwerera ku nkhondo. Ankafuna kuwamasula apite kwawo. Pangano linati pakhale gulu limodzi la asilikali 30,000, theka kuchokera mbali iliyonse, koma amene analowa mwa kufuna kwawo anali pafupifupi 12,000 okha. Ena onse, oposa 90,000, anasankha khasu.

Mmodzi mwa iwo anadzakhala mlamu wanga, anakwatira msuweni wanga tsidya lija. Anali msilikali wa boma. Iye sakamba za Roma kapena za Ajello. Amakamba za kabuku ka macheke kamene anapatsidwa potuluka mumsasa. Boma linkapereka malipiro a miyezi isanu ndi umodzi, mayiko othandiza anawonjezera miyezi 18, ndipo ndalamazo sankazilandira kamodzi. Ankapita ku banki miyezi iwiri iliyonse, m'boma limene anasankha kukakhala. Ndalama zake zinali zochepa, zogulira mchere, sopo ndi mbewu. Koma nzeru yake inali yakuya. Munthu amene ali ndi cheke chodikira mwezi wamawa kwawo sathamangira kwa mkulu wake wakale akamuitana. Pofika pamene kabukuko kanatha anali atakolola kawiri, ali ndi mkazi ndi mwana. Ine ndimaona kuti kabuku kameneko kanasunga mtendere kuposa magalimoto oyera onse aja a United Nations.

Akuluakulu nawo anapatsidwa chawo, ndipo izi anthu sakonda kuzitchula. Mu 1993 nthumwi za Renamo zinachoka ku Maputo kwa miyezi ingapo, zikudandaula za nyumba ndi ndalama, ntchito ya makomiti n'kuima. Panakhazikitsidwa thumba la ndalama, zambiri zochokera ku Italiya, zokwana pafupifupi madola 17 miliyoni, loti lithandize Renamo kusanduka chipani. Ena amati chinali chiphuphu. Mwina sakunama. Koma munthu amene wakhala zaka 16 m'tchire sangapikisane pachisankho ndi chipani chimene chili ndi magalimoto a boma ndi wailesi, ndipo akaona kuti mpikisano wake ndi wosatheka, amadziwa kumene anakwirira mfuti. Komiti yaikulu yoyang'anira panganolo inali ndi United Nations pampando, pamodzi ndi akazembe a mayiko amene ankapereka ndalamazo. Ndiye ankhoswe amenewa anali ndi chogwira m'manja. Ngakhale pamene Dhlakama analengeza usiku woti mawa kuvota kuti watuluka mumpikisano, anamuzungulira mpaka anabwerera, n'kuwonjezera tsiku lachitatu lovota.

Mpaka apa nkhaniyi imakambidwa ngati yopambana, ndipo inapambanadi, pakuti anthu athu aja anabwerera kwawo ndipo msika wa Limbuli unadzaza ndi chimanga cha ku Milange chobwera panjinga. Koma pali zinthu ziwiri zimene zinasiyidwa, ndipo mlandu suola.

Choyamba ndi kugawana ulamuliro. Pangano la ku Roma silinanene kuti wogonja adzapeza chiyani. Mayiko ena anakakamiza Chissano kuti apange boma la mgwirizano, iye anakana. Pachisankho anapeza mavoti 53 pa 100 alionse, Dhlakama 34. Ku Nyumba ya Malamulo Frelimo inapeza mipando 129, Renamo 112. Renamo inatsogola m'zigawo zisanu, kuphatikizapo Zambezia ndi Tete zimene tachita nazo malire. Koma abwanamkubwa a zigawo ankasankhidwa ndi pulezidenti, ndipo onse anali a Frelimo. Munthu wa ku Milange ankavota, mbali yake n'kupambana m'chigawo chake, koma womulamulira ankachokerabe ku mbali inayo. Sindikuti boma la mgwirizano ndi mankhwala a zonse. Limatha kupha otsutsa, n'kusandutsa boma kukhala mphika wogawana akuluakulu. Koma kugawana ulamuliro si kugawana unduna kokha. Kulinso kulola kuti amene wapambana kudera alamulire kuderako, ndi ndalama zake zomwe.

Chachiwiri ndi mfuti zotsala. Pangano linalola Renamo kusunga alonda a atsogoleri ake mpaka nthawi ya chisankho. ONUMOZ inachoka chisankho chitangotha, ndipo panalibenso woti akakamize kuti alondawo abalalike kapena alowe upolisi. Apolisi nawo sanaphatikizidwe ngati mmene anachitira ndi asilikali, ndiye mbali ina inkawaona ngati gulu la nkhondo la chipani cholamula. Zida zambiri zobisidwa m'tchire sizinafukulidwe. Kagulu kaja kanakhala ku Maringue ndi ku Gorongosa zaka pafupifupi 20. Mu 2013 kuwomberana kunayambiranso, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho, asilikali a boma atalanda msasa wa Dhlakama ku Gorongosa, Renamo inalengeza kuti pangano la ku Roma latha. Mu 2016 tinalandiranso othawa nkhondo zikwizikwi ku Kapise m'boma la Mwanza, kenako n'kuwasamutsira ku Luwani, msasa womwe uja wa kale.

Zimene anakana kukambirana mu 1992 n'zimene anadzakambirana pambuyo pake. Mu 2018 anasintha malamulo kuti abwanamkubwa azichokera pachisankho. Pa 6 Ogasiti 2019 pulezidenti Filipe Nyusi ndi mtsogoleri watsopano wa Renamo Ossufo Momade anasaina pangano lina ku Maputo, asilikali a Renamo oposa 5,000 n'kulembedwa kuti atule zida, ndipo msasa womaliza unatsekedwa mu Juni 2023. Unachedwa kutsekedwa chifukwa cha nkhani ya penshoni, kabuku kaja kabweranso m'maonekedwe ena. Ndipo onani mmene dzanja limodzi limaperekera lina likulanda: pamodzi ndi bwanamkubwa wosankhidwa anaikanso mlembi wa boma wa chigawo, wosankhidwa ndi pulezidenti, amene ali ndi mphamvu zambiri. Pachisankho cha 2019, chimene Renamo inachikana, Frelimo inatenga zigawo zonse khumi. Mpando ukhoza kugawidwa utachotsedwa miyendo. Powerenga gawo la kugawana ulamuliro, musawerenge mayina a maudindo. Werengani kuti ndani asaina ndalama, ndani alamula apolisi, ndani awerenga mavoti.

Olemekezeka, mwina mukuti za ku Mozambiki n'zakale. Ndiye ndikukumbutseni za ku Kongo, kumene dzina la dziko lathu lili papepala. Mu 2013 asilikali athu, pamodzi ndi a South Africa ndi Tanzania, anathandiza kugonjetsa gulu la zigawenga la M23. Mu Disembala chaka chomwecho ku Nairobi boma la Kongo ndi M23 analengeza zimene aliyense adzachite: kukhululukira ena, kubweza asilikali amene anathawira ku Uganda ndi ku Rwanda, kuwatula zida ndi kuwabwezera m'midzi. Mayi Joyce Banda anasaina chikalata chotsekera zokambiranazo ngati wapampando wa SADC. Tinali ankhoswe. Zambiri mwa zolonjezedwazo sizinachitike, ndipo kumapeto kwa 2021 M23 inabwereranso, ikutchula zomwezo ngati chifukwa. Kaya chifukwacho n'choona kapena chongopezerapo mwayi, pakuti nkhondo imeneyo ilinso ndi dzanja la mayiko oyandikana nawo, khomo tinalisiya lotsegula. Mu Januwale 2025 tinalandira uthenga wa maliro a asilikali athu amene anafera kufupi ndi Goma, ndipo pasanapite nthawi gulu la asilikali a SADC limene linali kumeneko linauzidwa kuti libwerere.

Ndikudziwa kuti Malawi alibe chuma cha Italiya. Sitingalipire penshoni za asilikali a dziko lina. Koma nkhoswe wosauka ali ndi chinthu chimodzi: akhoza kukana kuika dzina lake mpaka atamva mayankho. Ndiye ulendo wina mukadzapatsidwa cholembera ku msonkhano wa SADC kapena wa African Union, dzafunseni kuti oyang'anira afika tsiku liti, ndi angati, ndipo ngati afika kuwomberana kusanaleke kapena pambuyo. Dzafunseni amene adzadyetse anyamata m'misasa, kwa miyezi ingati, ndi ngati ndalamazo zili kale m'thumba kapena zikadali pakamwa pa othandiza. Tsiku la chisankho musalivomere ngati lalembedwa ngati deti chabe. Lilembedwe kuti lidzafika misasa itatsekedwa ndipo mboni zatsimikiza. Gawo lililonse lonena kuti zakutizakuti n'zongoyembekezera, monga alonda aja a Dhlakama, likhale ndi tsiku lothera ndi dzina la woti adzalitseke.

Kwa inu aphungu, pempho langa ndi laling'ono. Pangano lililonse limene Malawi wasaina ngati mboni kapena nkhoswe lizibwera ku Nyumba ya Malamulo, ndipo anduna azidzafotokoza chaka chilichonse kuti mwa zolonjezedwa zija zachitika ndi ziti, zatsala ndi ziti, ndipo tauzako ndani. Pangano la ku Nairobi likanakhala kuti linkawerengedwa chomwecho kuyambira 2014, wina akanaona msanga kuti asilikali aja akadali m'misasa ya ku Uganda, zaka zikupita.

Mlamu wanga uja kabuku kake anakasunga, ngakhale macheke onse anathamo kalekale. Kali m'chikwama cha pulasitiki pamodzi ndi chiphaso chake chotulira usilikali. Zipolowe za pambuyo pa chisankho cha 2024 zitabuka tsidya lija, anthu ena n'kuthawira ku Nsanje, anatumiza adzukulu ake awiri kudzakhala kwathu kuno. Anakhala milungu isanu, kenako anabwera yekha panjinga kudzawatenga.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Muloza, Mulanje